Basi imene Mayi Zipi sanakwerenso

Pamsika pano amati Mayi Zipi, telala wa pakhonde la sitolo ya utoto, anasiya geni yokaoda nsapato kunja chifukwa amuna awo ndi ansanje. Ena mpaka akuti bambowo anabisa pasipoti. Anthu pakamwa! Pofunika kupasoka zipi, telala wake alipo kale.

Nkhani yake ili chonchi. Mlamu wawo, amene amapita kunja mwezi ndi mwezi, ndiye anawakopa.

"Alamu, mufera pamakinapa? Ndi pakamwa panupo mungagulitse nsapato ngakhale kwa njoka. Gulitsani makinawa, mpamba ndi womwewo."

Sananame mlamuyo. Mtima wa geni mayiwa ali nawo: kunenerera sachita manyazi, kugona pabenchi ya depoti saopa. Koma makina sanagulitse. Anati ayambe alawa kaye ulendo umodzi, ngati wothandiza mlamu kunyamula katundu.

Kunyumba anasiya amuna awo, amene ankayendetsa lole sitiroko isanawaphe mbali yakumanja ndi kuwamanga lilime. Munthu wofunika kumutembenuza pabedi, kumusambitsa, kumudyetsa ndi sipuni. Mwana wawo wamkazi, wa kusekondale, anati, "Pitani amama, ndikwanitsa." Bambowo anachita kuwakankhira chikwama ndi dzanja lamanzere, lokhalo lomwe limamva.

Ulendo unawakomera, tisabise. Kumsika wa kunjako ankaseka ngati mtsikana, kupinda nsapato, kununkhiza chikopa, kugwetsa mitengo mpaka mwini sitolo kugwira mutu. Koma pobwerera katundu anagwidwa pachipata, akuti mapepala a msonkho sakugwirizana ndi mabelo. Basi inawasiya. Anagona pamenepo masiku.

"Zimachitika," anatero mlamu, akusenda nthochi. "Nthawi zina amalanda wonse. Ine bola achimwene anu ali pantchito."

Mayi Zipi anayamba kuwerengera mumtima. Iwo atagulitsa makina, katundu n'kulandidwa, angatsamire yani?

Atafika kwawo, fungo ndi lomwe linawalonjera pakhomo la kuchipinda. Mwana uja analephera kunyamula bambo ake, kuwasambitsa ankachita manyazi, ndipo mayeso ena anamudutsa ali pambali pa bedi. Pachiuno pa bambowo panali patatseguka chilonda. Atawaona akazi awo, bambowo anayesa kumwetulira ndi theka la pakamwa, diso likufunsa ngati malonda ayenda.

Mayiwo anavula nsapato, natenga beseni. Akutsuka chilondacho anazindikira kuti geni imeneyi tsiku lonyamuka umalidziwa, koma lobwerera amadziwa ndi msewu. M'mawa mwake anauza mlamu kuti afune wina.

Lero mlamu wamanga nyumba yampanda. Mayi Zipi akadali pakhonde, akusoka zipi za mabuluku a eni, masana amathamangira kunyumba kukatembenuza wodwala. Basi yaikulu ikamadutsa, phazi lawo limaima pamakina mpaka phokoso litazilala.

Dzana wogulitsa utoto, munthu wosasunga mawu m'kamwa, anawafunsa: "Mayi, n'zoona kuti bambo anakuletsani chifukwa cha nsanje?"

Analuma ulusi osadzutsa mutu.

"Nsanje? Akanakhala ndi mphamvu zochitira nsanje, bwenzi ine ndili m'basi."