Njerwa Zimene Zinangowotha Moto

Ine ndine telala, ndipo pa nkhani ya njerwa ndinkadziwa mitundu iwiri yokha: yaiwisi ndi yakupsa. Ndinkaganiza kuti pakati pake palibe kanthu, monga momwe munthu amakhalira wamoyo kapena wakufa. Sukulu yondichotsa umbuli umenewu inandidyera khoma lonse la kuchipinda.

Nditakwatira kumudzi kwa mkazi wanga, m'munsi mwa phiri la Michesi, ndinafuna nyumba yoti anthu asiye kunditchula mlendo. Mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wangayo, nayenso ankafuna kumanga, choncho tinagwirizana zowotcha uvuni umodzi. Dothi tinaponda limodzi. Nkhuni ndinasenza ndine, mpaka khosi linalowa m'mapewa. Amene anandiona kale akudziwa kuti ndinali wamtali. Ndikanama mphenzi indipeze.

Uvuni usanazizire kunabwera uthenga wa maliro a amalume anga, kutsidya kwa Fort Lister. Ndikukwera njinga, mlamu anandigwira phewa.

"Pitani bwino, alamu. Tigawana ine ndi mlongo wangayu. Kwanu sikupita njerwa yaiwisi ngakhale imodzi."

Nditabwerako ndinapeza milu iwiri. Wake unali wofiira ngati tambala. Wanga unali wotuwa, ngati munthu amene wangodzuka kumene pa malungo. Nditafunsa, mkazi wanga anati, "Inu mumadziwa nsalu. Zadothi asiyireni eni ake." Tinamanga, ndinakhoma malata, ndinagona ngati nduna.

Mvula ya Januwale inawomba khoma la kuphiri mosapumira. Tsiku lina m'mawa ndikusoka yunifolomu pakhonde, ndinamva phuu! Kulowa m'nyumba, ndinapeza chipinda chathu chayang'anizana ndi Michesi popanda chotchinga. Khoma silinagwe ngati khoma, linangokhala pansi ngati phala. Nkhuku ya aneba inalowa, inayendera bedi, inatuluka yokhumudwa. Ndikulumbira, inapukusa mutu.

Nkhani inapita kwa amalume a mkazi wanga, amene analinso ankhoswe athu. Ndinanyamula njerwa ziwiri m'jumbo. Ya mlamu ndikaigogoda inkalira ngo! ngati belu la kutchalitchi. Yanga inkangoti fu.

"Munalonjeza zakupsa," ndinatero.

"Ayi, alamu, musandiikire mawu m'kamwa. Ndinati sikupita yaiwisi. Iyi ndi yaiwisi? Sinalowe mu uvuni iyi?"

"Ngati si yaiwisi ndiye kuti ndi yakupsa!"

Mlamu anaseka mondimvera chisoni. "Madzi osamba akakhala kuti si ozizira, ndiye kuti ndi otentha? Palibe ofunda? Palibe aja ongochotsedwa chisanu? Uvuni ndi chimodzimodzi. Za pakamwa pa moto zimapserera mpaka kuda. Za pakati zimapsa bwino. Za kunja zimangowotha moto. Zonsezo palibe yaiwisi."

Apa m'pamene ndinadziwa kumene njerwa zanga zinakhala: kunja, kumphepo, ngati ine mwini.

Ndinayang'ana ankhoswe kuti andithandize. Iwo anatembenuza njerwa yanga uku ndi uku, chidutswa chinawatsalira m'manja.

"Mkamwini," anatero, "zinthu zina zili pawiri basi. Mayi ali ndi pakati kapena alibe. Mukanafunsa zotere, bwenzi wina pano atanama. Koma kupsa kuli ndi masitepe. Njerwa iyi singanene kuti ndi yabwino."

"Ndiye kuti ndi yoipa!"

"Sindinatero."

Banja lonselo linaphunzira sukulu imodzi.

Zonsezi ndikanazimeza. Mlamu ndi mlamu, amabadwa kuti akuvutitse. Koma pobwerera kunyumba ndinakumbukira kuti milu ija sinayende yokha. Munthu wina anasenza njerwa zotuwazo pamutu, kuchoka pa uvuni mpaka pamalo pathu, akuona zofiira zikupita kwina.

"Unkadziwa?" ndinamufunsa mkazi wanga.

Anayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino. "Achimwene anati ana awo ndi ambiri. Anati zathuzi tikazipaka pulasitala zilimba."

"Pulasitala wake uti? Unandiuza za pulasitala iwe?"

Anapitiriza kukonza mpango uja.

"Tandiuza chimodzi chokha. Pa nkhaniyi uli mbali yanga?"

"Sindikutsutsana nanu, bambo."

Kale yankho limenelo likanandikwanira, mwinanso ndikanamugulira chitenje. Koma tsopano ndinali wophunzira. Ndinadziwa kuti kuchoka pa kusatsutsana ndi munthu kukafika pa kukhala mbali yake pali mtunda woti njinga n'kuphwa matayala.

Khomalo ndinalimanganso chilimwe chotsatira, ndi uvuni wangawanga. Njerwa iliyonse ndinaigogoda ndekha, mpaka anthu a kutchalitchi anabwera kudzafunsa ngati mapemphero asintha nthawi. Mkazi wanga anabwera ndi nkhata kuti andithandize kusenza. Ndinamuuza kuti apume.

Tikadali limodzi, m'nyumba yomweyo, ndipo khoma la kuphiri silinasunthenso. Anthu akandifunsa ngati ndinamukhululukira, ndimawauza zoona: sindinamusungire chakukhosi. Amachoka akumwetulira, poganiza kuti ndayankha.