Buluku la Avereji

Pa msewu wathu amamutcha Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera siichoka m'khosi mwake, ngakhale ku maliro. Wasoka zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda ka zenera limodzi, pakati pa ometa tsitsi ndi wogulitsa utoto. Ine ndimamukonda chifukwa sanamiza munthu. Ukamuuza kuti m'chiuno ndiwe 32, iye amangoti kwezani manja.

Mwamuna wake amakonza mafoni, ndipo foni ikanena kanthu, kwa iye nkhani yatha. Ndiye anamuikira pulogalamu yowerengera masiku a msambo. Imapaka masiku ena kufiira, akuti mimba ikhoza kugwira, ena kubiriwira. Njira zakulera zakuchipatala bamboyu sankafuna n'kuzimva komwe, ati anzake anamuuza zambiri.

Mwana wachitatu anabwera ndi tsiku lobiriwira. Anabadwa pa opaleshoni, mayi ake atataya magazi ambiri, ndipo adokotala ananena mosapita m'mbali kuti thupi lipume zaka ziwiri. Mayi Tepi anachita mantha, ndipo mpaka pano sabisa. Bambo anangoti mwina munalemba molakwitsa tsiku.

Mawu amenewo anamuwawa kuposa bala. Msambo utayambiranso, analemba monga amalembera miyezo ya kasitomala wovuta. Tsiku loyamba la magazi, lomwelo, osadikira mawa. Foni ikalosera tsiku lake, iye ankakonza n'kuika lenileni. Akadwala kapena akachezera ntchito ya ukwati, ankalembanso. Miyezi isanu ndi umodzi imeneyo kunyumba kunali kondomu, bambo akung'ung'udza.

Kenako anapita nayo foniyo kwa anamwino a ku sikelo ya ana. Iwo anawerenga mokweza kutalika kwa mwezi uliwonse: masiku 24, 35, 27, 33, 25, 30.

"Foni yaphatikiza zonsezi n'kugawa, yapeza 29," anatero. "Ndiye ikuganiza kuti dzira limatuluka cha pa tsiku la 15. Komatu dzira limatuluka patatsala pafupifupi masabata awiri kuti msambo wotsatira uyambe. Mwezi wa masiku 35 uja linatuluka cha pa 21, foni itabiriwira kale. Mbewu ya abambonso imakhala yamoyo m'thupi mpaka masiku asanu. Foni siiona m'mimba, mayi. Imangokumbukira zakale."

Anamuyamikira kuti walemba bwino, apitirize, zolembazo zimathandiza achipatala kuona ngati pali vuto. Koma kwa munthu wa masiku osinthasintha chotere, kulera powerenga masiku ayi.

Madzulo ake anafotokozera mwamuna wake. Iye anamwetulira ngati akulankhula ndi kasitomala amene wagwetsera foni m'madzi.

"Amake mwana, avereji ndi masamu. Masamu sanama. Miyezi sikisi yakwana, tsopano yakudziwani bwinobwino. Lerotu ndi giliini."

Kukangana ndi munthu wotere n'kutaya malovu.

Bamboyu anali atasiya nsalu yabuluu kuti amusokere buluku la ku ukwati wa mng'ono wake. M'mawa mwake mayi anatsegula buku lake la miyezo. M'chiuno mwa bambo: chaka cha ukwati wawo 30, pakati apo 34, lero 38, ubwino wodyetsedwa bwino. Anaphatikiza, anagawa, anadula nsalu pa 34. Anasoka ndi luso lake lonse, anasita mpaka mzere kuima chilili.

Lachisanu masana bambo anabwera kudzayesa kuseri kwa katani. Kunamveka kupuma kwa munthu amene akunyamula thumba la simenti. Anatuluka atagwira buluku ndi manja onse, zipi ili pakati, batani ndi bowo lake zikungoyang'anizana patali.

"Mwalakwitsa kuyeza!"

"Ine? Ndi avereji yanu imeneyo, bambo ake. Masamu sanama."

"Ndingapite nalo bwanji pa anthu ili?"

"Inu mukuopa manyazi a tsiku limodzi," anatero Mayi Tepi, maso ali gwa. "M'chiuno mwanu munakhalapo 34. Ine pa miyezi yonseyi sindinakhalepo 29, ngakhale kamodzi. Buluku likathina mumavula. Ine chikandithina amanding'amba pamimba, ndipo ulendo uno mwina sindibwerako. Anawa muwalera ndi foni?"

Ometa tsitsi anazimitsa makina awo kuti amve bwino. Bambo anayang'ana pansi, pamene mwana wawo wamng'ono uja ankakwawa n'kumatola tizidutswa ta nsalu.

Mayi Tepi anamunyamula mwanayo, natenga buku la kuchipatala ndi foni yake.

"Ndikupita kukasankha njira yolerera. Mukafuna kudzamva nokha, tiyeni. Mukapanda kufuna, mutseke shopu."

Nsalu anali atasiyako yokwanira mkati mwa msoko, yoti akanatha kulikulitsa bulukulo mphindi khumi zokha. Sanamuuze. Anayamba wamva kaye mapazi akumutsatira pambuyo.