Kamzere ka pa Lipoti Langa

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinkadziwa kuti chinandisiyitsa ndi umphawi. Bambo atamwalira, amalume anga a ku Joni analonjeza kundilipirira fizi, koma anati ayambe aona malipoti anga, chifukwa mwana wobwereza kalasi samuthandiza. Mayi anajambulitsa malipoti awiri pa foni ya aneba n'kutumiza. Amalume anangoti zii. Ife tinati mwina zinthu zawavuta kumeneko, ndipo mayi sanali munthu wopempha kawiri. Ndinalowa m'munda wa mbatata kwathu kwa Kaphuka, chaka chotsatira n'kukwatiwa.

Amalumewo anabwerera kumudzi atatopa, miyendo ikutupa. Tsiku lina masana, nthawi yozizira ija chifunga chimachedwa kuchoka, anali pakhonde panga akuothera dzuwa ine ndikusankha mbewu ya mbatata. Mwana wanga wamkazi anafika akuthamanga ndi lipoti lake la Sitandade 1, n'kuwapatsa agogo akewo kuti amuyamikire.

Analiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Nayenso wayamba kubwereza ngati amake?"

Ndinayesa nthabwala. Ndinati, "Amake ake ati, amalume?"

"Iweyo. Taona apa, 2024/25. Zaka ziwiri kalasi imodzi. Ndi zomwe zija unkachita iwe. Fomu 1, 2015 ndi 2016. Fomu 2, 2016 ndi 2017. Ndiye 2016 yemweyo unali m'makalasi awiri? Ndinaona kuti mlongo wanga wakonzetsa mapepala kuti andidyere. Sindinafune kumuchititsa manyazi, ndinangokhala chete."

Mbatata imene inali m'manja mwanga inagwa. Ndinawayang'ana kuti mwina aseka, koma nkhope yawo inali ya munthu amene akunena zoona, wodzimva kuti anachita zaulemu.

Ine ndili ndi pakamwa, anthu a kumpingo amadziwa. Koma tsiku limenelo ndinayamba ndi kukatenga umboni. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa malipoti aja m'kapepala kapulasitiki. Sindikudziwa chimene ndinkawasungira. Ndinawayala pamphasa.

"Amalume, inu sukulu munkatsegulira mwezi wanji?"

"Januwale. Kutsekera chaka chisanathe."

"Zinasintha muli ku Joni. Ife tinkatsegulira Seputembala, kutsekera Julaye. Teremu yoyamba imagwera chaka chino, awiri enawo chaka chamawa. N'chifukwa chake amalemba chaka choyambira chonse, kamzere, kenako manambala awiri otsiriza a chaka chomalizira. 2015/16 ndi chaka chimodzi cha sukulu, materemu atatu basi. Fomu 1 ndinamaliza Julaye 2016, Fomu 2 ndinayamba Seputembala 2016 yemweyo. Ndikanabwereza, Fomu 1 ikanalembedwa pa malipoti onse awiri."

Anaika chala pa kamzere kaja.

"Chimanga mumadzala liti?" ndinafunsa, mawu atayamba kukwera. "Novembala kapena Disembala. Mumakolola chaka chinacho. Ndiye mwalima kawiri?"

"Ngati mmene amanenera bajeti ya boma pa wailesi," anatero chapansipansi, ngati akudziyankhulira. "Chaka cha msonkho chija."

Apa ndiye mtima unandiwawa koposa. Ankadziwa! Chinthucho ankachimva pa wailesi chaka ndi chaka osadabwa nacho. Pa boma anamvetsa, koma pa ine, mwana wa mlongo wawo, anaona bodza. Foni anali nayo m'thumba. Funso limodzi lokha, ngakhale lokalipa, mayi akanapita nalo kwa ahedi tsiku lomwelo.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinawauza kuti ulemu wawo uja unandidyera moyo. Ndinawauza kuti mayi anapita kumanda akuwaikira kumbuyo, akunena kuti achimwene akuvutika ku Joni, tisawadandaule. Sindinayambe ndayankhulapo chotero kwa munthu wamkulu, ndipo mwana wanga anathawira kuseri kwa nkhokwe.

Amalume anatenga lipoti la Fomu 2 n'kuliyandikitsa kumaso. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, mpaka pansi pamene aphunzitsi analemba ndi cholembera chofiira.

"Nambala 3," anatero. "Apa sindinafikepo. Ndinangoona pamwamba paja, n'kutseka foni."

Ndinaitana mwana, ndinamupukuta misozi, ndinamubwezera lipoti lake, n'kumuuza kuti sanabwereze, wakhoza, akupita Sitandade 2. Amalume anatambasula dzanja kuti aonenso lipotilo. Mwanayo anandiyang'ana kaye, kenako analibisa kumbuyo.