Mawu atatu amene ndinalemba pansi pa chithunzi cha ku Chembe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi msuweni wanga Esnart, yemwe ankaphika pa loji ina ku Chembe. Anauza mayi Chirwa, manejala, kuti kwathu ku Namwera kuli mtsikana amene foni siichoka m'manja. Chimene amayi anga ankandikalipira tsiku ndi tsiku chinasanduka satifiketi.

Ntchito yake inali yoyendetsa tsamba la loji pa Instagram. Madzulo aliwonse ndinkaima pamchenga, kupukuta diso la kamera ndi chitenje, kudikira dzuwa lifike pa chilumba cha Thumbi. Ukajambula umadina pomwe pali dzuwa n'kutsitsa kuwala, apo ayi kumwamba kumatuluka koyera ngati ufa. Kenako umawongola mzere wa madzi, poti nyanja yopendekeka mayi Chirwa ankaiona ali kutali.

Chovuta chinali mawu a pansi pa chithunzi, kapushoni. "Akhale afupi, koma munthu aganize," ankatero iwo. Instagram imaonetsa mawu oyambirira okha, ena onse imabisa mpaka munthu adine, ndiye zonse zimayenera kukwana mumzere umodzi kapena iwiri. Mahashitagi ndinkawakankhira m'munsi, n'kuika dzina la malo pamwamba. Ndinkalemba m'Chingerezi chifukwa cha alendo, n'kuwonjezera kamzere ka Chichewa.

Pofika mwezi wachinayi ndinali nditatopa. Dzuwa ndi lomwelo, chilumba n'chomwecho, koma dzulo ndanena kale kuti moyo ndi ulendo, dzana kuti mtima upume. Ndinkalemba za kupuma miyendo ikuwawa, nditathandiza kuyala mabedi tsiku lonse, pakuti wa foni ankaoneka ngati alibe chochita.

Lachiwiri lina, mwera utawomba masiku awiri n'kuleka, ndinapeza chithunzi chabwino kuposa zonse. Madzi ali phee, ofiira. Mabwato atatu akuyenda pang'onopang'ono pafupi ndi miyala, ndipo kumphepete mayi wina ataima yekha, atafunda chitenje, akuyang'ana kunyanja. Ndinalemba kamzere ka Chingerezi, pansi pake: "Pano pali mtendere." Ndinachitchera kuti chidzatuluke chokha m'mawa mwake, n'kupita kukatsuka matambula.

Pofika masana a Lachitatu chinali chitakondedwa kuposa china chilichonse chimene ndinaikapo. Mayi Chirwa anandimwetulira koyamba. Ndinathamangira kukhitchini kukadzitama kwa Esnart. Chithunzicho anachikuza ndi zala.

"Iwe, nyali ukuziona m'mabwatomu?"

Ndinati ayi.

"Opita ku usipa amatenga nyali, ndipo sazungulira pamiyala. Awa amafuna mtembo. Amene aimawo ndi amake Yohane. Amuna awo bwato linatembenuka nawo Lolemba, awapeza lero m'mawa."

Ine mwana wa kumtunda, wodziwa fodya ndi chimanga, ndinkaona bwato lililonse ngati lopita kokagwira nsomba. Manyazi anandigwira. Pansi pa chithunzi, pakati pa timitima ta azungu, mnyamata wina wa m'mudzimo anali atalemba kale: "Mtendere wake uti?"

Ndinapita kwa mayi Chirwa. Iwo sanali munthu woipa, koma anali ndi zipinda zopanda alendo. "Nkhope sikuoneka," anatero. "Fufuta ndemangayo, usinthe mawuwo basi." Zoona, mawu amasinthika ngakhale utaposita kale. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyesa. Ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Mawu aliwonse afupi ndi okoma ankasanduka bodza, ndipo oona sakanakhala pa tsamba loitanira anthu kutchuthi. Chithunzicho ndinachichotsa pa tsamba, n'kukawauza mayi Chirwa. Sanandichotse ntchito, koma sabata yonse ankandilankhula kudzera mwa Esnart.

Kumaliro ndinapita ndi Esnart, titanyamula nkhuni. Ndinkapemphera kuti amake Yohane asandidziwe, koma ku Chembe wa foni wa pa loji amadziwika ndi aliyense. Anandikodola, ndipo ndinagwada pafupi nawo.

"Ndinu munandijambula?"

"Eya, mayi. Pepani, sindinadziwe."

"Ndinakuonani. Munali apo pomwe, ngati pano ndi pakhomo paja." Anapukuta m'maso. "Ndinkayesa mubwera kudzaima nane."

Sanakalipe, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa.

Ndinagwira ntchitoyo chaka china chathunthu, ndipo lero ndimayendetsa masamba a malo atatu ku Mangochi. Dzuwa ndimalijambulabe, mawu afupi ndimawalembabe, motopa momwemo. Koma mukakhala munthu m'chithunzi, foni ndimayamba ndaiika m'thumba, n'kupita kukamupatsa moni ndi kumufunsa kuti kwagwanji. Kawirikawiri pobwerako dzuwa limakhala litalowa, ndipo tsikulo sindiika kanthu.