Nambala za Yoswa

Ku Nachisaka palibe amene anawapusitsapo a Margareta, ndipo eni ake ankanyadira zimenezi kuposa ana awo. Sikelo ya venda ankayamba aizonda pansi. Mlendo akawapatsa moni wautali, ankadziwa kuti akufuna kanthu. N'chifukwa chake amayi a kalabu ya mtedza anawasankha kukhala wapampando.

Chaka chimenecho bungwe lina linalonjeza mbewu yatsopano, yodzalandira Lachisanu podinda chala, ndipo a Margareta anapereka maina ndi nambala za foni za amayi onse kwa Yoswa, kalaliki wa kopaletivu. Lachiwiri masana, akusenda chinangwa, foni inalira. Unali uthenga wa Yoswa pa WhatsApp, wopanda moni, wopanda dzina, wopanda funso:

2.65999E+11 0.5 #N/A
2.65999E+11 1 #N/A
2.65991E+11 0.5 #N/A

Mizere yotere inatsika mpaka pansi. A Margareta anamuimbira, koma foni yake inali yozima. Apa mtima unawauza kuti mnyamatayo watumiza mwangozi chinthu chimene amabisa. Anaona 265 ya Malawi koyambirira, n'kuzindikira kuti ndi nambala za foni. Nanga zifanane bwanji, mayi aliyense ali ndi yake? Yankho analipeza okha: Yoswa wafufuta amayi, walemba anthu ake awiri atatu.

Madzulo anazungulira makomo.

"Lachisanu pasapezeke wopita kukadinda chala," anatero. "Yoswa akufuna zala zathu, mbewu adye ndi abale ake."

Amayi anamvera, poti a Margareta sankaphonya. Lachisanu lole ya mbewu inafika, inadikira, n'kupita ku Msakambewa ndi matumba ake.

Loweruka Yoswa anatulukira pa njinga, laputopu ili m'chikwama, nkhope ili gwa.

"Mayi, mwandichititsa manyazi. Munali kuti dzulo?"

A Margareta anamulozetsa foni. Yoswa anatsegula laputopu nawaonetsa tebulo la mizere. Anadina pa 2.65999E+11, ndipo pamwamba panaoneka nambala yathunthu ya a Sara, oyandikana nawo nyumba. Anadina yapansi pake, panatuluka ya a Margareta eni ake.

"Nambala ikatalika, kompyuta imaifupikitsa chonchi. Izi za 0.5 ndi maekala. Apa pa N/A ndi poti mtundu wa mbewu unali usanalowe. Ndimafuna mutsimikize maina, koma ndinakopera mbali imodzi, foni n'kuthima. Kwathu magetsi kunalibe."

"Ndiye osalemba ngakhale moni?"

"Pamenepo ndinalakwa. Koma mbewu yapita, mayi."

A Margareta anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anamuyang'anabe Yoswa ndi diso lokayika, poti khalidwe silichoka tsiku limodzi, koma mlandu unali wawo ndipo ankadziwa.

Mvula yoyamba itagwa, anatsitsa matumba a mtedza umene anasungira munda wawo, n'kuitana amayi kuti aliyense abwere ndi beseni. A Sara anabwera ndi sikelo.

"Pepani a wapampando," anatero, "munatiphunzitsa ndinu."