Ketulo sitikwecha ndi mchenga

Chaka chimene ndinali folomu 2, hositelo yathu ya atsikana ku Kabwazi inalandira ketulo yamagetsi ndi hotipuleti ya mafuwa awiri. Tinkadziphikira tokha, aliyense ndi thumba lake la ufa ndi mbatata zochokera kwawo. Zinthuzi zisanabwere, kuti munthu amwe tiyi m'mawa wa mu Juni ankayamba wauzira nkhuni zonyowa ndi mame mpaka maso kufiira. Choncho ketuloyo tinaikonda kwambiri, ndipo tinkaphikiramo chilichonse: mazira, mbatata, tsiku lina ngakhale usipa. Tiyi wa sabata imeneyo ankanunkha nsomba.

Vuto linabwera Lachitatu lina. Magetsi anazima m'mawa nyemba zili pa hotipuleti, mwini nyembazo n'kupita m'kalasi osazimitsa. Magetsi atayaka, nyemba zinapitiriza kupsa zokha mpaka kusanduka makala. Amatironi, mayi amene ankatiyang'anira, anaona utsi ali kunyumba kwawo.

“Kachiwiri ndikatsekera zonsezi kwanga,” anatero titasonkhana. “Mudzabwerera ku nkhuni zanu. Lembani malamulo, mumate pakhomapa.”

Onse anatembenukira kwa ine, chifukwa ndimalemba bwino ndipo sinditha kukana. Ine ndi munthu wamanyazi. Zonena zanga zambiri zimathera mu kope langa lomwe ndimalembamo za tsiku lililonse. Amatironi anandipatsa kapepala kamene kanabwera m'katoni ya ketulo kuti ndiwerenge kaye, ndipo ndinakawerenga konse, mbali zonse ziwiri.

Chovuta chinali chakuti chidziwitsocho akawerenganso a folomu 4. Mwana wa folomu 2 angalamule bwanji akuluakulu? Ndinalemba ndi kufufuta mpaka chinatuluka motere:

“Okondedwa anzanga ndi asisi onse, pepani kukuvutitsani. Magetsi akazima, chonde tizimitse hotipuleti ndi kuzula pulagi. Tisagwire soketi ndi manja onyowa. Mu ketulo tiziphikiramo madzi okha, ndipo tisayatse mulibe madzi. Ngati n'kotheka, tikatha kugwiritsa ntchito tizisiya ziwiyazi zili zoyera ngati mmene timachitira kwathu.”

Zoti ketulo samiza m'madzi ndinazisiya. Ndinaganiza kuti pepala lachuluka kale mawu akuti “tisa”, anthu angandione ngati wamwano.

Mtsogoleri wa hositelo anali asisi ena a folomu 4 a ku Mphunzi, aatali, a mawu omveka mpaka ku bwalo la mpira. Ankadziwika ndi ukhondo. Mapoto awo munthu ankatha kudziyang'anirapo pokonza tsitsi. Anawerenga chidziwitso changa manja ali m'chiuno.

“Mwana iwe, ukupempha kapena ukulamula?”

Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

“Koma apa pomaliza walemba zanzeru. Anthu muno ndi auve.”

Loweruka m'mawa ndikuchokera kochapa ndinawapeza pa mjigo atapinda chitenje. Ketulo inali m'beseni, yomira yonse, ikutulutsa tithovu. Anaivuula, n'kutapa mchenga wosakaniza ndi phulusa pa chiguduli, n'kuyamba kuikwecha akuimba nyimbo ya kwaya. Anakwecha m'mbali, anakwecha pansi pamene pamalumikizana ndi magetsi, mpaka manambala osonyeza mlingo wa madzi anafufutika. Ndinaima pamenepo ndi ndowa pamutu. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma chimene chinatuluka ndi “Mwadzuka bwanji, asisi?”

“Tadzuka. Taona, ndi mmene timachitira kwathu kumeneku.”

Anaitsukuluza, n'kuipukuta kunja, n'kukaikhazika kukhitchini pambali pa kambale kake kokhala ndi chingwe. Inkawala zedi. Atsikana ankabwera kudzaiona ngati mkwatibwi. Ine ndinkangoona timadontho tikutuluka pansi pake, tikuyenderera pa tebulo.

Ndinaganiza zolemba chidziwitso china. Ndinali nditafika pa “Okondedwa” pamene amatironi analowa kudzayendera, atavala juzi ziwiri.

“Eee, koma lero ndiye mwagwira ntchito,” anatero akuizungulira. “Wakwecha ndani?”

“Ndife, mayi,” anayankha asisi aja, akudzichepetsa mooneka.

“Ndiye tithiremo madzi, ndimwe tiyi wa ana anga. Kwazizira.”

Asisi anathiramo madzi. Ndikanena, ndiwachititsa manyazi asisi pamaso pa anthu, ndiponso amatironi akatsekera zonse monga ananenera. Ndikapanda kunena, munthu akhazika ketulo yodzaza madzi m'kati mwa mawaya pa magetsi, atagwira chogwirira chake. Miyendo ndiyo inayenda, osati pakamwa. Ndinanyamula kambale kaja ndi chingwe chake, n'kukakumbatira pamimba, n'kukhala pansi pa simenti.

“Kodi wadwala?” anafunsa amatironi.

Ndinapukusa mutu.

“Bweretsa kuno, iwe,” anatero asisi. “Ukufuna ukaumbatire ngati nkhuku? Kaswa anapiye?”

Atsikana anaseka, ine n'kugwiritsitsa. Asisi anakoka pulagi imene inkalendewera, ine n'kukokanso. Tinakokana pang'ono, amatironi akutiyang'ana.

“Yanyowa,” ndinatero. Ndikuganiza kuti anamva ndi maondo anga okha.

“Wati chiyani?” anafunsa amatironi.

“Ketulo yanyowa m'kati mwa pansi, mayi. Inamizidwa m'beseni. Tikayatsa ikhoza kugwira munthu, kapena kupsa. Kapepala kaja kakuti tizingopukuta kunja ndi kansalu konyowa titazula pulagi.” Nditayamba sindinathenso kuima. Ndinanena zoti zoyera zimene zimamatirira m'kati mwa ketulo zimachoka ukawiritsamo madzi a mandimu, ndi zoti hotipuleti nayo timaidikira izizire, osaithira madzi. Kenako ndinamaliza ndi “pepani,” n'kuyamba kulira.

Amatironi anakhuthula madzi aja, n'kutembenuza ketulo, n'kuigwedeza. Pansi pake panatuluka madzi ndi timchenga, n'kugwera pa nsapato yawo.

“Ine ndatsatira zolembedwa,” anatero asisi, akuloza pakhoma. “Akuti ngati kwathu. Kwathu sitipukuta poto ndi kansalu ngati nkhope ya mwana.”

Amatironi anawerenga pepala lonse, milomo ikuyenda. Atafika pa “pepani kukuvutitsani” anandiyang'ana, atafika pa “ngati n'kotheka” anandiyang'ananso.

“Mwanawe, magetsi sadziwa ulemu,” anatero. Anaima kanthawi ketulo ili m'manja, tonse tikuyang'ana ngati ailowetse m'chitenje. “Palibe chapsa, ndiye hotipuleti itsale. Iyi ikauma kwanga sabata yathunthu, kenako aione kaye aphunzitsi a sayansi. Ikayaka, ibwerera. Iwe lembanso, ndipo Lolemba uwerenge wekha mokweza.”

Sabata imeneyo madzi a tiyi tinkawiritsa mu poto, pa mzere wautali, ndipo aliyense wochedwa m'kalasi ankandiyang'ana ine. Chidziwitso chatsopano ndinalemba asisi ataima kumbuyo kwanga. Ndikangolemba “chonde” ankagogoda pa tebulo.

“Fufuta. Lemba kuti osamiza, osakwecha. Amene akwechenso aonana ndi ine.”

Lolemba ndinawerenga pepalalo, asisi akubwereza mzere uliwonse ndi mawu awo aja kuti akumbuyo amve. Loweruka lotsatira aphunzitsi a sayansi anaitsegula pansi, n'kupeza kuti mwauma, n'kuiyatsa ife titaima patali. Inayamba kulira pang'onopang'ono, kenako inawira n'kudzizimitsa yokha. Kapu yoyamba asisi anapatsa amatironi, yachiwiri anandipatsa ine, ali kuyang'ana kumbali.