Kadontho Konga Nsawawa

Tonse tinkangowatchula kuti Anamaluwa. Utsikana wawo wonse unathera m'mbali mwa msewu akugulitsa mbande za maluwa, dzuwa likuwawotcha. Atakula, mwini shopu ina ya maluwa anawakonda chifukwa cha pakamwa pawo pokoma, n'kuwaika pakauntala, pamthunzi. Ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa iwo ndi zidzukulu ziwiri zamasiye.

Mwini shopuyo atamwalira, analowa m'malo ndi mwana wake, mnyamata woti ngakhale duwa limodzi sanadzalepo. Iyeyu anati akonzanso shopu, ndipo potsegulira akufuna pakauntala pakhale nkhope yowala. Ananena akuseka, koma mayiwo anamva.

Ndi mmene anafikira kusaluni kwathu, kumene ine ndimasamalira khungu. Ndinawakhazika pansi pa nyale. Khungu linali louma, lotuwa, ndipo m'masaya ndi pachipumi munali madontho akuda a dzuwa. Ndinawayang'ana limodzilimodzi, poti dontho losintha maonekedwe kapena lotuluka magazi ndi la dokotala, osati la ine. Panalibe loopsa.

"Mumasamba ndi chiyani, amayi?" ndinafunsa.

"Sopo wochapira yemweyu, mwananga. Nthawi zina ndimakhula ndi ndimu."

"Zonsezo zilekeni lero. Nkhope si mphika."

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. M'mawa asambe ndi chotsukira chofewa chosachita thovu, apake timadontho ta vitamini C, kenako mafuta ofewetsa, pamwamba mafuta oteteza kudzuwa, ndipo awabwereze masana akamatuluka panja. Usiku ndiye nthawi yokonza: asambe, adikire nkhope iumiretu, apake retinolo, mankhwala othandiza khungu kusintha msanga, kenako mafuta olemera otsekera chinyezi.

"Retinoloyo kadontho konga nsawawa imodzi nkhope yonse, kawiri pa sabata basi. M'maso ndi pamilomo ayi. Kusintha mudzakuona pakatha miyezi itatu."

"Miyezi itatu? Shopu akutsegula mwezi wamawa."

"Kuthamanga si kufika, amayi."

Anaseka n'kunena kuti ine ndine woumira ngati mlamu wawo, woti mchere amachita kuwerenga. Nanenso ndinaseka.

Anamaluwa ankadziwa maluwa, ndipo nkhope yawo anaitenga ngati mbande yofota: ikachedwa, onjezera manyowa. Retinolo anayamba kupaka usiku uliwonse, chodzaza chala, pankhope yonyowa kuti alowerere. Khungu litayamba kuyabwa ndi kusupuka anakondwa, amvekere lakale likuchoka, n'kulithandiza ndi chinkhupule. Mafuta oteteza kudzuwa anawasiya chifukwa ankawatuwitsa, komanso mnzawo wina anawauza kuti munthu wakuda sapsa ndi dzuwa. Bodza limeneli limandikwiyitsa kwambiri, chifukwa amene amabwera nalo akulira pampando wanga ndi ambiri.

Anabweranso atadziphimba ndi mpango. Atauchotsa, mtima wanga unawawa. Masaya anali otupa, m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa mutang'ambikang'ambika, ndipo paliponse pamene panapsa panali patayamba kuda kuposa madontho aja. Khungu lathu likavulala limachira ndi chipsera chakuda, ndipo dzuwa limachikhwimitsa.

Sindinawakalipire. Ndinawapukuta ndi madzi ozizira, n'kuwapaka mafuta ofewetsa opanda fungo.

"Tsopano tisiya zonse," ndinatero. "Retinolo ayi, vitamini C ayi, kukhula ayi. Madzi ofunda pang'ono, mafuta awa m'mawa ndi usiku, ndi oteteza kudzuwa tsiku lililonse. Ndikupezerani ena osatuwitsa. Pakayamba kutuluka madzi kapena mafinya, mupite kuchipatala. Khungu likapola tidzayambiranso pang'ono."

"Nanga kudaku?"

"Kudzachepa, koma ndi miyezi yambiri. Chachikulu mupewe dzuwa."

Anayang'ana manja awo. Kenako anandiuza kuti shopu anatsegula dzana. Bwana wachinyamata uja atawaona anawakokera pambali, n'kuwafunsa ngati matendawo ndi opatsirana. Pakauntala anaikapo mtsikana wina, ndipo iwo ndi amene anamuphunzitsa kumanga maluwa a maliro ndi a ukwati.

"Ndiye akuchotsani ntchito?"

"Ayi, akuti andimvera chisoni chifukwa cha ana aja." Anayamba kumanganso mpango wawo mosamala kuti usakhudze masaya. "Andipatsa yothirira mbande kumunda kuseri. Kulibe mtengo ngakhale umodzi, mwananga. Ndiyamba mawa m'mawa, kuweruka madzulo."